Ndalama za ngongole zimachokera kuti?

"Banki ikandibwereketsa ndalama, imatapa za anzanga osunga?"

Osati kwenikweni, achimwene. Mukakongola K500,000 yopikulira usipa ku Makawa, banki imangolemba nambalayo mu akaunti yanu, osachotsa kwa aliyense. Ndalama yatsopano yabadwa pomwepo. Mukalipira msodzi pafoni, iye n'kuisunga kubanki ina, imakhala dipoziti kumeneko, pomwe osunga akale zawo zili chikhalire.

Komatu banki siingalembe mwachisawawa. Reserve Bank imalamula kuti gawo la madipoziti likhale padera. Tingoyerekeza 10 pa 100: K500,000 ija ikufuna K50,000 yosakhudzidwa. Komanso banki yanu iyenera kulipira banki ya msodziyo. Ikaperewera, imakongola pachiwongoladzanja.

Mukabweza ngongoleyo, ndalama inabadwa ija imafufutika m'mabuku.