Chithunzi chikakana, tifotokozereni tsambalo

"Abale chithunzi chikukanika kutumizika, netiweki kuno ku Mitundu ndi yovuta. Masamba a chimanga changa akuchita chikasu, ena akuuma. Ndi matenda anji, ndipopere chani?"

Achimwene musathamangire kaye kugula mankhwala, chikasu chimabwera ndi zinthu zambiri ndipo zina sizifuna kupopera n'komwe. Pitani kumundako mukathyole tsamba limodzi lodwala, mutilembere zomwe mukuona.

Choyamba mutiuze kuti ayamba ndi masamba ati, apansi akalewa kapena ang'onoang'ono akunsonga. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Kenako muone kuti chikasucho chayenda bwanji patsambapo. Ngati ali apansi, chikasu chayambira kunsonga kwa tsamba n'kumatsika motsatira msempha wapakati uja, m'mbali mudakali mobiriwira, ngati chilembo cha V, imeneyo ndi njala ya nayitirojeni, chimanga chikufuna yureya basi, makamaka ngati mvula yakhala ikugwa yambiri kapena munachedwa kubereketsa. Koma ngati ali masamba atsopano ndipo pali timizere tachikasu tating'ono todukaduka totsatana ndi misempha, tsamba lonse mizeremizere, mbewu n'kupinimbira, imeneyo ndi vairasi yomwe imafalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono todumpha. Ilibe mankhwala ochiza, ngakhale muthire feteleza matumba angati timizereto sitichoka, ndipo imakonda chimanga chobzala mochedwa.

Za kuumazo, mawu oti "akuuma" okha satithandiza. Mabala ake ndi otani? Otuwa, aatali m'mbali mowongoka ngati kamtengo ka machesi, osadumpha misempha? Kapena aakulu, onenepa pakati osongoka uku ndi uku? Mitundu iwiri yonseyi ndi mabala a mafangasi. Mupime ndi chala mutiuze kutalika. Mukhudzenso, pamwamba ndi kunsi komwe, ngati pali timatuza tosiya fumbi lofiirira pachala ndiye kuti ndi matenda a dzimbiri. Musuzumirenso mu mtima mwa chimangacho, mukapezamo zinyenyeswa ngati utuchi ndi masamba obooka imeneyo ndi mbozi, si matenda.

Uthenga wabwino umaoneka chonchi: "Chimanga cha masabata 5, chofika m'mawondo, ndinathira wokulitsa yekha. Masamba atatu apansi achita chikasu kuyambira kunsonga kutsata pakati, akumwamba ali bwino, palibe fumbi pachala, zachuluka kumunsi komwe kumadikha madzi." Munthu akawerenga zimenezi adziwiratu kuti apa ndi njala, osati zopopera, ndipo ndalama ya mankhwala ija ipita ku yureya.

Musaiwale mzere womalizawo, kuti vutolo lili munda wonse, chigawo chimodzi, kapena phando apa phando apo. Njala imagwira chigawo kapena munda wonse, pomwe vairasi nthawi zambiri imayamba mwa apo ndi apo. Mabala a mafangasi okha amasokoneza ngakhale odziwa, ndiye mukaona kuti ndi amenewo ikani masamba awiri atatu mu envelopu ya pepala, osati mu jumbo chifukwa amavunda msanga, mukawaonetse alangizi akwanuko tsiku lomwelo.