Chifukwa chake manotsi ojambulidwa pa foni amatuluka ndi zolakwika

"Ndinajambula manotsi pa foni kuti pulogalamu iwasandutse mawu oti ndizitha kusintha. Otayipa atuluka bwinoko koma ndi zolakwika, olemba pamanja ndiye zosamveka n'komwe. Vuto lili pati?"

Musanaimbe mlandu pulogalamu, yang'anani kukula kwa zilembo pa chithunzicho. Mapulogalamu a OCR, omwe amawerenga zilembo za pa chithunzi n'kuzisandutsa mawu, amawerenga bwino tsamba likakhala ndi timadontho 300 pa inchi iliyonse. Pa pepala la A4 ndiye kuti timadontho timeneti, totchedwa mapikiselo, tikhala 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, ndipo chilembo chaching'ono ngati "a" cha saizi 10 chimatalika mapikiselo pafupifupi 20. Chikatsika pansi pa 10, zolakwika zimachuluka msangamsanga.

Ndiye taonani zimene zimachitika mnzanu akakutumizirani tsamba lomwelo pa WhatsApp ngati chithunzi wamba. Limafika litachepetsedwa, m'litali mwake mapikiselo pafupifupi 1600, kutanthauza timadontho 137 tokha pa inchi. Chilembo chija chatsala ndi mapikiselo 9. Diso lanu liwerengabe chifukwa limadziwa mawuwo, koma kwa makina "rn" wasanduka "m", "cl" wasanduka "d", ndipo kachipewa ka ŵ kasowa. Muuzeni atumize ngati Document, kapena ajambule theka la tsamba nthawi imodzi.

Chachiwiri ndi kuwala. Mapulogalamu ambiri amayamba ndi kugawa chithunzi pawiri, chakuda ndi choyera basi. Mthunzi wa dzanja lanu ukagwera pepala, mbali imeneyo imatha kutengedwa ngati inki, mizere yonse n'kumezedwa. Pensulo yosaoneka bwino imatengedwa ngati pepala. Yalani pepalalo pathyathyathya, kuwala kuchokere m'mbali, fulashi muzimitse, foni ilunjike pamwamba penipeni osapendekeka.

Zolemba pamanja ndi nkhani ina. Pa zotayipa "a" aliyense amafanana ndi mnzake, pomwe munthu mmodzi yemweyo amalemba "a" wosiyanasiyana pa mzere umodzi, n'kulumikizanso zilembo. Apa pulogalamu imadalira kwambiri kuganizira mawu amene akuyenera pamenepo. M'Chingelezi zimathandiza. M'chilankhulo chimene siyichidziwa bwino imakankhira mawu anu ku mawu achilendo ofanana nawo. Cholakwika chotere ndicho choopsa, chifukwa chimaoneka ngati mawu enieni.

Musanyengedwenso mukamva zoti pulogalamu imalondola zilembo 98 pa 100 zilizonse. Tsamba la zilembo 2000 likhala ndi zolakwika 40, ndipo ngati mawu ake ndi a zilembo 8, pafupifupi liwu limodzi pa 7 aliwonse likhala ndi chilema.

Pokonza, yambirani manambala, madeti ndi maina, chifukwa pamenepo palibe chiganizo choti chikuchenjezeni. Fufuzani 0 ndi O, 1 ndi l, 5 ndi S, chithunzi chili pambali. Mukapeza kuti mukukonza mzere uliwonse, jambulaninso moyandikira, ndipo zikakanikabe ingotayipani nokha tsambalo.