Kuchonga ofika pa mapepala: munthu aliyense akhale ndi mzere umodzi wokha

"Abale, tili ndi msonkhano wa anthu 300 ndipo kumalo kumene tapezako kulibe intaneti. Tikufuna kuchonga ofika pa mapepala, kenako tidzalowetse mu kaundula wathu wa pa kompyuta. Tichite bwanji kuti zisasokonekere?"

Zimatheka bwinobwino, ndipo pakhomo pepala limathamanga ndithu. Koma chonde musasindikize mndandanda wonse katatu n'kupatsa tebulo lililonse kope yake. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Pa tsikulo zimaoneka ngati zayenda, anthu akulowa msanga, koma madzulo mumakhala ndi mapepala atatu otsutsana: wina wachongedwa pa matebulo awiri, wina watenga baji kawiri, ndipo palibe amene anganene kuti pepala loona ndi liti. Dzina la munthu lipezeke pa tsamba limodzi, pa tebulo limodzi basi.

Yambirani mu kaundula momwemo. Aliyense wolembetsa akhale ndi nambala yakeyake yosasintha, ndipo nambalayo isindikizidwe pambali pa dzina lake. Podzaphatikiza mudzadalira nambalayi, osati dzina, chifukwa pa anthu 300 sipalephera kupezeka awiri a dzina limodzi, kapena wina amene dzina lake linalembedwa molakwika. Manambalawo ayambire pa 1001, osati 001, poti Excel imachotsa maziro akumayambiriro ndipo 007 imasanduka 7.

Kenako sanjani mayina motsatira alifabeti ya dzina la bambo, muwagawe patatu. Gawani powerenga anthu, osati zilembo, chifukwa zilembo zina zimakhala ndi mayina ochuluka kwambiri ndipo tebulo limodzi lingadzaze pamene enawo akungokhala. Tebulo lililonse lipate anthu pafupifupi 100, ndipo pamwamba pake pakhale chikwangwani chachikulu chosonyeza zilembo zake. Pa tsamba ikani mayina 25 okha, kuti mizere italikirane ndipo diso lisalumphire pa mzere wa mnzake. Ndiye kuti tebulo lililonse lili ndi masamba anayi, onse pamodzi 12, ndipo lililonse lilembedwe kuti "tsamba 5 mwa 12" komanso tsiku ndi nthawi imene linasindikizidwa. Nthawi imeneyi ndi yofunika: aliyense wolembetsa pambuyo pake sali pa pepala, ndipo wa pa tebulo ayenera kudziwiratu zimenezi kuti asabweze munthu wosalakwa. Manambala a foni musaike papepalapo, limakhala poyera tsiku lonse.

Pochonga, kachizindikiro kokha sikakwanira. Wa pa tebulo alembe nthawi imene munthu wafika ndi zilembo zoyamba za dzina lake la iye wochongayo, ndi bolopeni. Akalakwitsa mzere asafufute. Adule ndi mzere umodzi, alembe "ayi" pambali. Wodzalowetsa mu kompyuta sadzakhala ndi nthawi yolota kuti dontho ili linali chongi kapena bolopeni inangogunda.

Tsopano za amene sali pa mndandanda, poti adzabwera ndithu. Asalembedwe m'mphepete mwa tsamba kapena kuseri kwake, amasowa. Tebulo lililonse likhale ndi tsamba lapadera la alendo, lokhala ndi manambala osindikiziratu: tebulo lachiwiri B01, B02, B03, lachitatu C01 kupita m'tsogolo. Mlendo alembedwe dzina lonse m'zilembo zazikulu, ndi chifukwa chake mwachidule: walembetsa mochedwa, wabwera m'malo mwa wina, kapena akuti analembetsa koma dzina silikuoneka. Wobwera m'malo mwa mnzake asachongedwe pa mzere wa mnzakeyo. Alembedwe pa alendo, pambali pake nambala ya amene wamuimirira.

Chimene ndimachiumirira kwambiri ndi kuwerengera tebulo lisanachotsedwe, ochonga akadali pomwepo ndipo nkhope za anthu akuzikumbukira. Tiyerekeze tebulo lachiwiri linalandira mabaji 100 m'mawa. Potseka atsala 12, kutanthauza kuti operekedwa ndi 88. Pa masamba ake anayi ochongedwa ndi 22, 19, 21 ndi 20, onse 82. Pa tsamba la alendo pali asanu. Tikaphatikiza ndi 87, pamene mabaji atuluka 88. Pali munthu mmodzi amene walowa osalembedwa, kapena wina wapatsidwa baji yachiwiri atataya yoyamba. Mukafunsa nthawi yomweyo, wochonga amakumbukira kuti panafika gulu la anthu anayi limodzi ndipo iye anachonga atatu. Mukafunsa patapita sabata, palibe chimene mungapeze. Kusiyanako kukapanda kupezeka, kulembeni pa tsambalo momwe kulili, musakonze manambala kuti angogwirizana. Chiwerengero cha tsamba lililonse chilembedwe pansi pake, wochonga asainire, masamba onse ajambulidwe ndi foni, kenako munthu mmodzi yekha awatolere n'kuwerenga kuti 12 onse ndi a alendo atatu alipo.

Pophatikiza musalembe mwachindunji mu kaundula wamkulu. Sungani kaye kope yake, ndiye mu fayilo ya Excel ya kaundulayo mutsegule tsamba latsopano, tilitche Ofika. Mmenemo mulowetse zinthu zitatu zokha pa mzere uliwonse: nambala ya munthu mu kolamu A, nthawi, ndi nambala ya tsamba la pepala. Awiri ndi abwino, wina akuwerenga mokweza, wina akutayipa. Mukamaliza tsamba 5, loyamba la tebulo lachiwiri lija, werengani mizere yake muone ngati yakwana 22 monga mwalembedwa pansi pa pepalalo, musanapite ku tsamba 6. Kuti mugwire nambala yolowetsedwa kawiri, ikani ichi pambali:

```
=COUNTIF(A:A,A2)
```

Paliponse pamene patuluka 2, bwererani ku pepala. Popeza munthu anali ndi mzere umodzi wokha, nthawi zambiri ndi chala chimene chaterera, monga 1154 kutayipidwa 1145, ndipo zikatero pali wina amene anafika koma akuoneka ngati sanabwere. N'chifukwa chake ndi bwinonso kuti kompyuta ionetse dzina pambali pa nambala iliyonse yotayipidwa, pogwiritsa ntchito VLOOKUP, wowerengayo atsimikize kuti ndi lomwelo. Zikakhala bwino, mu kaundula wamkulu, manambala a anthu ali mu kolamu A, ikani:

```
=IF(COUNTIF(Ofika!A:A,A2)>0,"wafika","")
```

Alendo aja abwere pomalizira, mmodzimmodzi, ndipo aliyense muyambe mwamufufuza mu kaundula musanamupatse nambala yatsopano. Mwa asanu a tebulo lachiwiri, mwina awiri analembetsa mapepala atasindikizidwa kale, ndiye nambala ali nazo. Wina mungamupeze kuti anali pa tsamba la tebulo loyamba, chifukwa polembetsa anasinthanitsa dzina loyamba ndi la bambo. Oterewa alowe pa nambala zawo zenizeni. Otsalawo ndiye atsopano, ndipo nambala ya B ija isungidwe pambali kuti wofunsa adzathe kubwerera ku pepala.

Pangapezekenso kuti pamene inu munali kopanda intaneti, wina ku ofesi anasintha zinthu mu kaundula, mwina munthu analembedwa kuti wasiya koma pa pepala wachongedwa. Pa funso loti anafika kapena ayi, khulupirirani pepala, poti wochonga anamuona ndi maso. Pa zina zonse, monga malipiro kapena kalembedwe ka dzina, musasinthe kaundula chifukwa cha zolembedwa pamanja pakhomo. Zilembeni padera, woyang'anira kaundulayo azitsimikize ndi mwiniwake.