Puloti Kapena Mabondi: Yankho kwa Mphunzitsi wa ku Kapata mu Mzinda wa Chipata, Zambia

"Ndine mphunzitsi, ndimachita lendi ku Kapata, ndipo ndasunga K80,000. Abale anga akuti ndigule puloti cha kumsewu wa ku Lundazi chifukwa malo saola, koma mnzanga wa kuntchito akuti ndibwereke boma ndalamazi pogula mabondi. Puloti akundionetsayo ili ndi kalata ya anduna a mfumu yokha. Ndichite chiyani?"

Amayi, abale anuwo ndikuwamvetsa, chifukwa mantha awo ndi amene ndinakula nawo. Bambo anga anapuma pantchito kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ndalama zimene analandira anaziika kubanki monga munthu wosamala. Mu 1993 mitengo ya zinthu m'dziko muno inakwera kuposa kawiri m'chaka chimodzi, moti ndalama zimene zikanamanga nyumba zinatsala zongokwanira feteleza ndi sukulu ya ana. Mnzawo amene anagula malo nthawi yomweyo anasiyira adzukulu ake pokhala. Aliyense amene anaona zimenezo, kapena kugwa kwa kwacha mu 2015, ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira dothi koposa pepala.

Komabe m'banja lomwelo tinaonanso mbali inayo. Mchemwali wanga anagula puloti kunja kwa tauni, ali ndi kalata ya anduna ndi mboni ziwiri, n'kuikapo zikhomo m'makona. Ndalama zomangira analibe, choncho ankangopitako kukalambula udzu mvula ikatha. Chaka china anapeza maziko akumbidwa ndipo njerwa zaunjikidwa, mwini wake ali ndi kalata yonga yake, yochokera kwa mwana wina wa banja lomwe linamugulitsa. Nkhani inazungulira kubwalo la mfumu kwa nthawi yaitali, anthu akupita ndi kubwera, ndalama zikuthera m'mayendedwe. Pomaliza anamulozera malo ena kutali ndi msewu, kumunsi kumene madzi amaima mu Febuluwale. Pamene mwana wake anafuna ndalama za ku koleji anayesa kugulitsa, koma aliyense wobwera ankafunsa taitolo, akamva kuti palibe ankatsitsa mtengo kapena osabweranso. Mpaka lero nkhaniyi imandipweteka, chifukwa iye sanabe, sananame, ndipo analipira ndalama zonse.

N'chifukwa chake ndimakana mawu akuti malo saola pamene akunenedwa popanda kufunsa kuti ndi malo otani. Lamulo la malo la 1995 limaika malo onse a Zambia m'manja mwa Pulezidenti, ndipo amene ali ndi taitolo ndiye kuti wabwereka malowo kuboma, kawirikawiri kwa zaka 99. Malo ambiri ozungulira Chipata ndi a mafumu, ndipo kalata ya anduna imangochitira umboni kuti mwaloledwa kukhalapo mwa mwambo. Kuti malo otero akhale ndi taitolo pamafunika chilolezo cha mfumu, kuvomereza kwa khonsolo, saveya woyeza malire ndi kuika mabikoni, kenako chivomerezo cha Komishinala wa za malo. Zonsezi zimadya ndalama ndi nthawi, ndipo wina akatulukira pakati panjira n'kunena kuti malowo ndi a makolo ake, ntchito imaima. Mabanki nawonso salandira kalata ya anduna ngati chikole. Chiyambire pamene Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, minda yambiri ya m'mphepete yadulidwa mapuloti, ndipo kumene odula ali ambiri, mwayi wogula malo ogulitsidwa kale umakulanso.

Tiwerengere limodzi

Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu mudzaikepo a tsiku limene mukugula. Tinene kuti mwagula bondi ya zaka 5 yopereka 15 peresenti pachaka, ndipo msonkho ukadulidwa mukutsala ndi 12 peresenti. Pa K80,000 ndiye kuti mukulandira K9,600 pachaka, m'zigawo ziwiri, pakuti phindu la mabondi a boma limaperekedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Mukamabwezeramo phindulo kamodzi pachaka pamlingo womwewo osalidya, pakutha pa zaka 5 muli ndi pafupifupi K141,000.

Tsono puloti. K80,000 yanu siingapite yonse kwa wogulitsa, chifukwa saveya, mapepala, mayendedwe ndi kulambula zikufuna gawo lake. Tinene kuti puloti ndi K65,000 ndipo K15,000 yapita ku zimenezi. M'zaka 5 zija dothi silikubweretserani ngakhale ngwee, pomwe lendi ku Kapata mukulipirabe, ndipo taitolo ikatuluka boma limafunanso lendi ya malo chaka ndi chaka. Tsiku logulitsa, msonkho wosinthira umwini amalipira ndi wogulitsa, ndipo kuyambira 2025 uli pa 8 peresenti. Kuti mutsale ndi K141,000 m'manja, muyenera kugulitsa pafupifupi K153,000. Ndiye kuti puloti iyenera kukwera mtengo kuposa kawiri kuti ingofanana ndi bondi. Zimachitika ndithu, makamaka kumene kwafika msewu wabwino, magetsi ndi madzi, koma sizichitika paliponse, ndipo mtengo umene aneba amatchula pocheza si umene wogula amawerenga patebulo.

Sindikunena kuti mabondi alibe choopsa. Mdani wake wamkulu ndi yemwe uja anadya ndalama za bambo anga. Pakati pa 2021 kukwera kwa mitengo kunapitirira 24 peresenti, ndipo munthu wolandira 12 peresenti m'chaka chotero akusauka ngakhale nambala ikukula. Mu Novembala 2020 boma linalephera kulipira ngongole yake ya kunja, ngakhale kuti mabondi a kwacha sanakhudzidwe pokonzanso ngongoleyo. Mukafunanso kugulitsa bondi nthawi isanakwane, mungalandire zochepera ngati chiwongoladzanja chakwera pamsika. Kusiyana kwake n'kwakuti zoopsa zimenezi mukhoza kuziona ndi kuziwerengera, ndipo mukhoza kuzichepetsa pogawa ndalama: zina m'mabilu a boma, omwe ndi ngongole zaifupi za masiku 364, amene chaka chilichonse mumawagulanso pamlingo watsopano, zina m'mabondi a zaka 2 kapena 3. Choopsa cha puloti yopanda taitolo simungachigawe, chifukwa ndalama zonse zili pamalo amodzi, ndipo zikatayika zimatayikira limodzi.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti anthu okakamiza ena kugula malo safunsa za kumanga. Puloti imapindulitsa munthu wochita lendi pamene wasamukirapo n'kuleka kulipira lendi, ndipo nyumba ikaimapo ndiyo imatetezanso malire. Ngakhale malo operekedwa ndi boma amabwera ndi lamulo loti muwatukule m'nthawi yoikika, apo ayi akhoza kulandidwa. Munthu amene wathera ndalama zonse pogula, osatsala ndi za simenti, wagula ntchito ya ulonda.

Yankho langa ndi ili, amayi: puloti ya kalata ya anduna yokhayo musaigule. Pitani kubanki kwanu mukapemphe kugula mabilu ndi mabondi a boma amene Banki Yaikulu ya Zambia imagulitsa, pakuti amayambira pa K1,000, ndipo musiye padera ndalama za mwadzidzidzi. Mukadzapeza puloti ya taitolo pamene muli ndi ndalama zoyambira maziko, mukafufuze ku Unduna wa za Malo ngati dzina la wogulitsa ndilo lili m'kaundula komanso ngati malowo sanaikidwe chikole, muitane saveya akuonetseni mabikoni, ndipo ndalama zomaliza mupereke chilolezo cha boma chosinthira umwini chitatuluka.