Madzi otupitsa mapazi amakankhidwa ndi chiyani, amakokedwa ndi chiyani?

Funso: Aphunzitsi, ndine wophunzira za unamwino. Pagulu lathu timakambirana mafunso a fiziyoloje m'Chichewa tisanawalembe m'Chingerezi. Ine ndinati, "Munthu amatupa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi m'timitsempha komanso kuchepa kwa magazi." Anzanga akuti ndalakwa, koma sakundiuza pamene ndalakwitsa. Kodi ndizinena bwanji?

Yankho: Anzanuwo akunena zoona, mwana wanga, ndipo polakwika pali pawiri. Mawu awiri onsewo ndi Chichewa chabwinobwino, kungoti kuchipatala ali kale ndi eni ake. "Kuthamanga kwa magazi" ndi BP, ija amayeza ndi lamba pamkono. "Kuchepa kwa magazi" ndi vuto lija amaona potsegula chikope n'kupeza mkati mwayera. Funso la kutupikana silikufuna ziwirizi, likufuna pulesha ya m'timitsempha ting'onoting'ono, makapilare, ndi mapuloteni a m'madzi a magazi, amene m'kalasi mumawatcha pulazima.

Tiyambe ndi "kuthamanga", pakuti ndi mawu amene amagwetsa ophunzira ambiri. Munthu akamva kuthamanga amaganiza za liwiro, pamene pulesha ndi mphamvu imene magazi amakankha nayo khoma la mtsempha. Ganizirani ngalande ya m'dimba imene wina waitseka kumunsi. Madzi sathamanganso, amangoima, koma ndi pomwe amadzaza n'kuyamba kusefukira m'mbali. Mtima ukafooka zimakhala choncho. Magazi obwerera ku mtima sapopedwa mokwanira, amaunjikana m'mitsempha yobwerera, ndipo kuunjikanako kumafika mpaka ku makapilare. Magazi akuyenda pang'onopang'ono, koma akukankha kwambiri. Mukanena kuti wodwalayo watupa chifukwa magazi akuthamanga, mwanena zosemphana ndi zimene zikuchitika m'mwendo mwake.

Palinso umboni wina umene mudzauona nokha mukapita ku wodi. Anthu ochuluka a BP yokwera alibe mapazi otupa. Chifukwa chake n'chakuti magazi asanalowe m'makapilare amadutsa m'timitsempha tokhala ndi minofu, ndipo BP ikakwera timitsempha timeneti timafinyika, n'kutchinga kuti pulesha yonseyo isafike kutsogolo. Kumbali yotulukira kulibe chotchinga champhamvu chotero. N'chifukwa chake pulesha ikakwera m'mitsempha yobwerera ku mtima, makapilare amaimva msanga. Choncho pagulu panu muzinena kuti "pulesha ya m'makapilare yakwera", kapena mwa Chichewa chenicheni, "magazi akukankha kwambiri makoma a timitsempha". BP muisiyire dzina lake.

Tsono mapuloteni. Munthu angathe kukhala ndi magazi ofiira okwanira koma mapuloteni a m'pulazima ali ochepa. Puloteni yofunika pankhaniyi ndi alubumini, imene imapangidwa m'chiwindi, ndipo mwa munthu wathanzi imakhala magalamu 35 mpaka 50 pa lita imodzi. Khoma la kapilare limalola madzi ndi mchere kudutsa, koma alubumini ndi yaikulu, yambiri imatsalira mkati. Potsalira mkatimo imakoka madzi kuti asachoke, ndipo pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphamvu yonse yokokayi amachokera kwa alubumini yokha. Mawu oyenera apa ndi "mapuloteni a m'magazi achepa". Ena amati "magazi asungunuka", koma ine sindiwalimbikitsa, chifukwa womvera sadziwa chimene chasowa.

Ndikadakhala pagulu lanulo ndikadakupemphani kuti mugwiritse aneni awiri okha, kukankha ndi kukoka, ndipo chiganizo chilichonse chizionetsa wokankha ndi wokoka. Pulesha imakankhira madzi kunja. Mapuloteni amakokera madzi mkati. Taonani ntchito ya kam'phatikiri kaja ka -ir- ndi -er-: "kukankha" kumangonena mphamvu, koma "kukankhira kunja" kukunenanso kolowera, ndipo wochonga mayeso amafuna kuona kolowerako. Amene anafotokoza kulimbana kwa mphamvu ziwirizi ndi Ernest Starling wa ku Mangalande, mu 1896, ndiye chifukwa chake m'mabuku anu zimatchedwa mphamvu za Starling.

Tiyeni tiike manambala, chifukwa ndi pamene Chichewa chosokonekera chimaonekera poyera. Mabuku ambiri oyambira amapereka ziwerengero zoyandikira izi: kumene magazi amalowera m'kapilare pulesha imakhala pafupifupi 35 mmHg, kumene amatulukira imatsika kufika pafupifupi 15 mmHg, pamene kukoka kwa mapuloteni kumakhala pafupifupi 25 mmHg njira yonse. Mphamvu za m'madzi a kunja kwa kapilare n'zazing'ono, tizisiye kaye. Kolowera, 35 kuchotsa 25 kutsala 10, ndipo wopambana ndi wokankha, madzi akutuluka. Kotulukira, 15 kuchotsa 25 kukupereka -10, wopambana ndi wokoka, madzi akubwerera. Otsala kunja amatengedwa ndi timitsempha ta limfu, timene timabwezera m'magazi malita 2 mpaka 4 pa tsiku. Ofufuza a masiku ano apeza kuti m'ziwalo zambiri limfu ndi imene imabweza madzi ochuluka kuposa mmene chithunzi chakalechi chimasonyezera, komabe kuwerengera kwa wokankha ndi wokoka kukadali maziko a yankho.

Tsopano titenge bambo wachikulire amene mtima wake wafooka, wabwera mapazi onse awiri atatupa, nsapato sizikulowanso. Tiyerekeze kuti kotulukira kuja pulesha yakwera kuchoka pa 15 kufika pa 30. Mapuloteni ake ali bwino, akukokabe ndi 25. Ndiye 30 kuchotsa 25 kutsala 5, ndipo pamalo pamene madzi ankabwerera tsopano akutulukanso. Kapilare yense akungotulutsa madzi. Limfu imayesetsa, imatha kuwonjezera ntchito yake kangapo, koma ikafika pamapeto madzi amayamba kuunjikana pakati pa maselo. Yankho lake m'Chichewa lingamveke motere: "Mtima wafooka, choncho magazi akuunjikana m'mitsempha yobwerera ku mtima. Kuunjikanako kwakweza pulesha ya m'makapilare kuposa kukoka kwa mapuloteni. Motero madzi akukankhidwira kunja ochuluka kuposa amene limfu ingathe kubweza, ndipo mapazi atupa." Onani kuti "chifukwa cha" mmodzi sakadakwanitsa kunyamula zonsezi. Pamafunika "choncho" ndi "motero", sitepe iliyonse ibale inzake. Ophunzira amakonda kulumpha kuchoka pa mtima kukafika pa phazi, ndipo mamalikisi amatayikira pakatipo.

Mapazi ndi amene amayamba chifukwa munthu akaimirira, kulemera kwa magazi onse a pamwamba kumawonjezera pulesha ya kumunsi. Wodwala amene wakhala chigonere pabedi mumuyang'ane kumsana, chakumunsi, pakuti ndi kumene madzi amatsikira. Ndipo ngati mbali yofooka ndi ya kumanzere kwa mtima, magazi amaunjikana kumbuyo kwake, m'mapapo, ndipo wodwala amabanika akagona chagada.

Mnyamata wa vuto la impso lija mumalitcha nefurotiki nkhani yake ndi ina. Impso zake zikutaya mapuloteni mu mkodzo, kwa wamkulu oposa magalamu 3.5 pa tsiku, ndipo mkodzo umachita thovu losatha msanga. Tiyerekeze kuti kukoka kwatsika kuchoka pa 25 kufika pa 15, pulesha osasintha. Kolowera, 35 kuchotsa 15 kutsala 20, kuwirikiza kawiri mphamvu yotulutsa madzi. Kotulukira, 15 kuchotsa 15 palibe chotsala, madzi sakubwerera. Apa musanene kuti pulesha yakwera, chifukwa sinakwere. Nenani kuti "wokoka wafooka". Mnyamatayu nthawi zambiri amadzuka m'mawa zikope zitatupa, pakuti khungu la m'mbali mwa maso ndi lomasuka ndipo usiku wonse mutu unali mulingo umodzi ndi thupi. Chiwindi chikawonongeka alubumini imachepanso, koma kumeneko vuto ndi kupanga, osati kutaya, ndiponso pulesha imakwera m'mitsempha ya m'mimba yopita ku chiwindi, moti zifukwa ziwiri zija zimakumana ndipo madzi amadzaza m'mimba. Kwa mwana wa kwashioko, yankho limene funso la fiziyoloje limayembekezera ndi kuchepa kwa alubumini chifukwa chosowa zakudya zomanga thupi, ngakhale kuti matendawo ali ndi zambiri zoposa pamenepo.

Sitepe imene anthu amaiwala kwambiri ndi ya impso. Madzi onse a m'pulazima ya munthu wamkulu ndi pafupifupi malita 3, ndipo kutupa kwa thupi kumayamba kuonekera pamene madzi owonjezera kunja kwa mitsempha afika malita 2.5 kapena 3. Ndiye kuti madzi otupitsawo sangachokere m'pulazima yokha, apo ayi munthu akadakomoka asanatupe n'komwe. Chimachitika n'chakuti madzi akatuluka, kapena mtima ukamapopa mofooka, impso zimalandira magazi ochepa ndipo zimayamba kusunga mchere ndi madzi. Madzi osungidwawo amalowa m'mitsempha, n'kutulukanso. M'yankho lanu muwonjezere chiganizo ichi: "Impso zikusunga mchere ndi madzi, motero kutupa kukupitirira." Mneni wake ndi "kusunga". Musanene kuti impso zikupanga madzi.

Za dzina la vutolo, "kutupa" ndi mawu otakata. Chithupsa chimatupa, polumidwa ndi njuchi pamatupa, bondo lobinya limatupa. Potupa potero pamakhala potentha ndi popweteka, ndipo chifukwa chake n'chachitatu: khoma la kapilare lamasuka, likudutsitsa madzi pamodzi ndi mapuloteni omwe. Apa ndi pokhapo pamene mneni "kuchucha" akukwanira bwino, ndipo ndimadandaula ndikamva wophunzira akunena kuti makapilare a wodwala mtima akuchucha, pamene makoma ake ali bwinobwino. Pa kutupa kwa madzi kwa mbali zonse ziwiri, anthu amati "kutupikana", makamaka ponena za ana, ndipo mungawonjezere kuti "kosiya dzenje ukadina", osati "kobooka ukadina". Kayezedwe kake mukukadziwa: mumadina ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu, n'kuchotsa. Pakatsala kadzenje ndiye kuti pansi pa khungupo pali madzi omasuka amene chala chawakankhira pambali.

Funso likanena kuti mwendo umodzi wokha ndi umene watupa, mapuloteni muwachotse msanga m'maganizo, chifukwa alubumini ikachepa imachepa m'thupi lonse, singasankhe mwendo. Ganizirani za magazi oundana amene atseka mtsempha wobwerera wa mwendo umenewo n'kukweza pulesha kumunsi kwake, kapena njira za limfu zotsekeka, zimene zikakhalitsa zimalimbitsa khungu mpaka chala sichisiyanso dzenje.