Za kalata ya ahedi ija

“Mlongo, chithunzi cha kalata mwatumizachi sichikuoneka bwino. Akuti fizi yakwera ndi zingati? Ndipo mwana apita liti kusukulu?”

Eee achimwene, mwaswera bwanji ku Joniko? Kalatayo ndili nayo m'manjamu, ndingokuuzani pakamwa.

Fizi inali K280,000 pa temu, tsopano ndi K330,000. Koma sikuti zonse zakwera ayi. Ya maphunziro ikadali K100,000 yomwe ija. Yakwera ndi yogonera ndi chakudya, kuchoka pa K180,000 kufika pa K230,000. Ahedi alemba kuti chimanga, nyemba ndi nkhuni zadula, ndipo akuti makolo anavomereza pamsonkhano. Pa chimangapo sindingawatsutse, temu ya Januwale imagwera nthawi ya njala, nafenso thumba tikuligula molira.

Tsono mvetserani apa, chifukwa ndi pamene ambiri adzabwezedwere pageti. Alola kulipira kawiri, K200,000 mwana asanalowe, K130,000 yotsalayo pofika pakati pa temu. Koma m'munsimu, m'timalemba ting'onoting'ono, akuti ndalama iliyonse yolowa ayamba achotsapo ngongole yakale. Ife tinatsala ndi K25,000 ya temu yatha. Ndiye mukatumiza K200,000 ndendende, m'buku mwawo alemba K175,000, mwana n'kuoneka ngati sanakwanitse gawo loyamba. Yofunika panopa ndi K225,000, osawerengera thiransipoti ndi ya sopo.

Ndalama yapamanja akuti salandiranso kusukulu. Ndikaika ku banki, pasilipi ndilembe dzina la mwana ndi folomu yake, osati dzina langa kapena lanu. Mukalemba lanu, ndalama ilowa ndithu, koma a ku ofesi sadziwa kuti ndi ya ndani, mwana n'kumangokhala pabenchi anzake ali m'kalasi. Silipiyo apita nayo yekha, ine ndiijambula kaye pafoni.

Za masiku, asuntha ndi sabata imodzi. Timadziwa kuti atsegulira pa 5 Januwale, tsopano ndi Lolemba pa 12, akuti akukonza denga la kogona atsikana. Koma wathuyu poti ndi wogonera komweko ayenera kufika Lamulungu pa 11, isanakwane 4 koloko madzulo. Za pa 5 zimene mwina mwamva kwa ena ndi za a Folomu 4 okha, amene akukonzekera mayeso a MANEB. Iye ali Folomu 3, sizikumukhudza. Tsiku lotsekera silinasinthe, sabata yatayikayo aibweza pophunzira Loweruka, ndiye musamuyembekezere kubwera kunyumba pakati pa temu.

Chonde ndalamayo indipeze pofika Lachitatu pa 7. Sabata yotsegulira sukulu mzere wa ku banki umafika panja, ndipo ndikadikira Lachisanu mwina sindidzathandizidwa. Palinso kapepala koti ndisayine kusonyeza kuti kalata taiona, kameneko ndisayina ndine. Ya gawo lachiwiri tikambirana mukalandira ya Febuluwale.