Uthenga woitana gulu lowerengera limodzi: dulani tsiku, gawani ntchito

"Tilipo asanu m'kalasi mwathu amene tinagwirizana zoti tiziwerengera limodzi bayoloje kamodzi pa sabata. Anzangawo anandisankha ine kuti ndilembe uthenga wonena tsiku ndi zoti aliyense azikonzekera. Ndinafunsa pa gulu lathu la WhatsApp kuti 'kodi tizikumana liti?' koma patha masabata awiri tikungozungulirazungulira. Wina akuti Lolemba, wina Loweruka, awiri sanayankhe n'komwe. Ndilembe bwanji kuti zitheke?"

Anzanuwo anakusankhani kuti mudule nkhani, inu n'kuwabwezera funso. Vuto lagona pamenepo. Munthu mukamufunsa kuti ali ndi mpata liti, amatchula tsiku limene limamukomera iyeyo, ndipo anthu asanu sangakomedwe ndi tsiku limodzi. Ena amangokhala duu kudikira kuti aone kumene mphepo ilowere.

Litembenuzeni funsolo. Funsani aliyense payekha, osati pagulu, kuti ndi nthawi ziti zimene sangathe ngakhale atafuna bwanji: kalasi, ntchito, kapena udindo wina umene sungasunthe. Zimenezi munthu amayankha msanga chifukwa amazidziwa pamtima, komanso zimakhala zochepa. Lembani masiku asanu ndi awiri papepala, mufufute nthawi zonse zimene zatchulidwa. Zotsalazo kawirikawiri zimakhala ziwiri kapena zitatu. Sankhanipo imodzi nokha, osafunsanso.

Posankhapo, ine ndimakonda tsiku limene latalikirako pang'ono ndi kalasi ya phunzirolo. Ngati bayoloje mumaphunzira Lolemba, kukumana Lolemba lomwelo madzulo n'kungobwereza mawu a mphunzitsi akadali m'makutu, ndipo palibe amene wapeza nthawi yokonzekera. Lachitatu kapena Lachinayi ndi bwino: mwaiwalako pang'ono, ndiye zimene simunamvetse zimaonekera poyera.

Tsopano gawo limene anthu ambiri amalilemba mwachidule n'kudzanong'oneza bondo pambuyo pake. Amalemba kuti "aliyense awerenge mutu wa mtima abwere atakonzeka." Mawu amenewa sanatume munthu aliyense. Katswiri wina wa ku France, Max Ringelmann, anafalitsa mu 1913 zimene anapeza atayeza mphamvu za anthu pokoka chingwe. Munthu akakhala yekha ankakoka ndi mphamvu zake zonse, koma gulu likamakula, mphamvu ya munthu mmodzimmodzi inkatsika, moti pa anthu asanu ndi atatu aliyense ankatulutsa pafupifupi theka chabe. China chimene chimachititsa zimenezi n'chakuti pagulu palibe amene angaloze kuti wafooka ndi uje. Gulu lowerengera limodzi ndi chingwe chomwecho. Mutu wonse mukaupereka kwa onse, aliyense amabwera atangoyang'ana timitu tapamwamba, akudalira kuti mnzake wawerenga.

Mankhwala ake ndi dzina ndi chinthu chooneka. Pafupi ndi dzina lililonse pakhale chinthu chimene mwiniwake adzachitulutse m'chikwama kapena adzachichite ataimirira pamaso pa anzake. "Kuwerenga" sikuoneka. Chithunzi chojambula pamanja chimaoneka, mafunso asanu olembedwa papepala amaoneka.

Nachi chitsanzo cha uthenga wonse. Mayina ndaika zilembo zokha, inu muikemo enieniwo.

"Anzanga, mwaswera bwanji? Ndaona nthawi zimene aliyense sangathe, ndipo imene yatsala yotikwanira tonse ndi Lachitatu. Choncho tizikumana Lachitatu lililonse kuyambira 4:00 mpaka 5:30 madzulo, m'chipinda chokambirana cha ku laibulale, kuyambira Lachitatu likubwerali mpaka mayeso. Sabata ino mutu ndi mtima ndi kayendedwe ka magazi. Tonse tiwerenge mutu wonse, koma aliyense ali ndi gawo lake loti adzatitsogolere kwa mphindi 10, buku lili chotseka.

T: udzajambule mtima pa bolodi, zipinda zinayi ndi mavavu ake, n'kutchula chilichonse.
M: udzatiyendetse ndi dontho limodzi la magazi, kuchokera m'thupi, kudutsa m'mapapo, mpaka kubwereranso m'thupi.
C: kusiyana kwa mitsempha yochotsa magazi kumtima, yobweza magazi kumtima, ndi timitsempha ting'onoting'ono. Ubwere ndi tebulo la tsamba limodzi.
L: zimene zili m'magazi ndi ntchito ya chilichonse.
Ine: kugunda kwa mtima, komanso ndibweretsa mafunso atatu a mayeso akale.

Aliyense abwerenso ndi mafunso awiri ochokera m'gawo lake, mayankho atalemba kuseri kwa pepala. Yankhani kuti 'ndavomera' pofika Lolemba 12:00 masana. Amene nthawiyi siyingatheke n'komwe anene tsiku lomwelo lisanafike, atchulenso nthawi ina. Tikakwana atatu tiziyamba, sitidikira."

Mukauyang'ana ndi wautaliko, koma mzere uliwonse uli ndi chifukwa chake. Ndiyambe ndi mawu oti "buku lili chotseka", chifukwa ndi amene anzanu adzadandaule nawo.

Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku yunivesite ya Washington mumzinda wa St. Louis ku America anapatsa ophunzira nkhani yaifupi. Ena anaiwerenga mobwerezabwereza m'zigawo zinayi. Ena anaiwerenga m'chigawo chimodzi chokha, kenako katatu konse anapatsidwa pepala kuti alembe zonse zimene akukumbukira osaonera. Atayesedwa patangotha mphindi zisanu, obwereza kuwerenga aja ndi amene anapambana. Koma patatha sabata zinthu zinatembenuka: iwowo anakumbukira 40 peresenti, pamene odziyesa aja anakumbukira 61 peresenti. Kuwerenga mobwereza kumanamiza. Maso akazolowera tsamba, mutu umaganiza kuti wadziwa.

N'chifukwa chake gawo la M ndalilemba motero. Kuwerenga m'buku kuti magazi amazungulira kawiri n'kosavuta. Koma aimirire opanda buku anene kuti magazi ochokera m'thupi amalowa m'chipinda chapamwamba cha kumanja, n'kutsikira m'chapansi cha kumanja, n'kupita kumapapo kukatenga okosijeni, n'kubwerera m'chapamwamba cha kumanzere, n'kutsikira m'chapansi cha kumanzere, chimene chimawapopera m'thupi lonse. Penapake adzakakamira, ndipo nthawi zambiri ndi pa mitsempha ya kumapapo. Ambiri analoweza kuti mitsempha yochotsa magazi kumtima imanyamula magazi a okosijeni wambiri, koma umene ukupita kumapapo umanyamula magazi a okosijeni wochepa. Akakakamira pamenepo C adzamugwira, chifukwa nkhaniyo yakhudza tebulo lake. Kukangana kwa mphindi ziwiri kumeneko ndi kumene mwabwerera. Wina akafunsanso chifukwa chake khoma la chipinda chapansi cha kumanzere ndi lokhuthala kuposa la kumanja, T ayenera kuyankha akuloza chithunzi chake: kumanzere kumakankhira magazi thupi lonse, kumanja kumangowafikitsa kumapapo amene ali pafupi.

Kugawana ntchito kuli ndi msampha wake, ndipo ine ndinagweramo ndili pasukulu. Tinkagawana mutu, aliyense n'kuwerenga kachigawo kake kokha. Tsiku la mayeso ndinkadziwa bwino gawo limodzi mwa magawo asanu, enawo ndinkangokumbukira nkhope ya amene ankafotokoza. Mawu oti "tonse tiwerenge mutu wonse" ali mu uthengamo chifukwa cha chipsera chimenecho. Mafunso awiri amene aliyense akubweretsa ndi mlonda wake: funso la L liyankhidwe ndi wina aliyense kupatula L. Mukaona kuti funso lililonse likuyankhidwa ndi mwiniwake yekha, anthu akungoyang'ana pansi, dziwani kuti gulu lasanduka kalasi ya aphunzitsi asanu opanda ophunzira.

Nthawi yotsekera ilembedwe, osati yoyambira yokha. Munthu amavomera mosavuta chinthu chimene akudziwa kuti chitha nthawi yakuti. Mphindi 90 zimagawika chonchi: 10 zoyambirira mufunsane za sabata yatha (sabata yoyamba mugwirizane malamulo anu), 50 za magawo asanu aja pamodzi ndi mafunso ake, 25 za mafunso a mayeso akale, aliyense ayambe walemba yekha musanakambirane, ndipo 5 zomaliza mugawane ntchito ya sabata yotsatira musanabalalike. Pakhale wina wogwira wotchi, apo ayi woyamba kulankhula adzadya theka la ola ndipo womaliza sadzalankhula. Masamu omwewa akusonyezanso malire a gulu. Mukawonjezera anthu atatu, magawo okha atenga mphindi 80, mafunso a mayeso n'kusowa malo. Akapempha kulowa ambiri, ndi bwino ayambitse gulu lachiwiri.

Za kuyankha kuti "ndavomera": musawerengere kachizindikiro kosonyeza kuti uthenga wawerengedwa, kapena kachala koimika m'mwamba. Amene walemba liwu ndi dzanja lake amamva kuti walonjeza. Lolemba likakwana wina ali chete, muimbireni kapena mumupeze pamaso. Osamudzudzula pagulu, chifukwa nthawi zina kukhala chete ndi manyazi a munthu amene gawo lamukulira. Ngati ndi choncho, musinthanitseni ndi gawo lopepukirapo sabata imeneyo.

Chimene chimapha magulu ambiri si ulesi, ndi chifundo. Sabata yachiwiri wina adzalemba kuti wapanikizika, kodi sitingasunthire Lachinayi ulendo uno wokha? Mukavomera, mwaphunzitsa onse kuti tsikulo ndi lokambirana, ndipo mudzabwerera kumene munali masabata awiri apitawa. Muyankheni mwaulemu kuti tikumanabe Lachitatu, iye atumize chithunzi cha pepala lake ndi mafunso ake awiri nthawi isanakwane, wina adzawerenga m'malo mwake. Lamulo la "tikakwana atatu tiziyamba" linalembedweratu kuti tsiku limenelo musaoneke ngati mukukondera. Tsiku lisinthidwe pokhapokha ndandanda ya makalasi kapena ya ntchito ya wina yasinthiratu, ndipo pamenepo mubwerezenso njira ya pepala ija.

Kanthu kena kakang'ono: magawo azizungulira. Wodziwa kujambula asamangojambula, ndipo amene masamu amamuvuta asamathawe gawo la ziwerengero sabata iliyonse. Ntchito yolemba uthenga nayonso izizungulira pakatha masabata atatu kapena anayi, apo ayi mudzasanduka kapitawo wa anzanu, n'kuyamba kuwakwiyira mumtima.

Uthenga woyambawu ndi wokhawo umene uli wautali. Muupanike pamwamba pa gulu kuti usakwiririke ndi macheza. Masabata otsatira muzingotumiza mzere wa mutu ndi mizere isanu ya mayina, usiku womwewo mukachokera kokumana, kenako chikumbutso chachifupi Lachiwiri madzulo: "Mawa 4:00, malo omwe aja. M, usaiwale mafunso a mayeso akale, ulendo uno ndi iwe."